Zolemba za ntchito yopeka mizere iwiri ya pansi pa chithunzi chathu cha pa Shire

Lachitatu, 16 Okutobala 2024

Dzulo, pa tchuthi cha Tsiku la Anakubala, tinakumana anthu asanu ndi awiri amene tinamaliza limodzi Folomu 4 ku Ngabu m'chaka cha 2009, ndipo tinajambulitsa chithunzi pamtunda pa gombe la Shire, chakumunsi pang'ono kwa mlatho wa ku Chikwawa. Tinadikira mpaka dzuwa litapendeka, chifukwa masana a mwezi uno m'chigwa muno munthu sangayang'ane kamera osatsinzina, ndipo tinaima patali ndi madzi poopa ng'ona. Pachithunzipo amuna anayi taima kumbuyo, amayi atatu akhala kutsogolo pa chitenje chimodzi, ndipo kuseri kwathu mtsinje ukuoneka wonse, pamodzi ndi bwato la msodzi limene linadutsa pa nthawi yake.

Mmodzi wa ife akusamukira ku Karonga kumapeto kwa mwezi uno chifukwa cha ntchito, choncho tinagwirizana kuti chithunzichi chitsukidwe, aliyense akhale ndi chake cha mufulemu, ndipo pansi pake palembedwe mizere iwiri ya m'Chichewa yothera mofanana, monga imachitira ndakatulo zina ndi nyimbo. Ntchito yopeka mizereyo anandipatsa ine. Wotsuka zithunzi ku Nchalo wanena kuti mawu ndimupatse pofika Lachinayi la sabata ya mawa, ndiye kuti ndili ndi masiku 8.

Ndadziikira malire atatu. Mizere ikhale iwiri yokha ndipo ikhale yofanana kutalika poitchula. Mzere uliwonse usapitirire kwambiri malembo 30, kuti ukwane pansi pa chithunzi komanso pa foni popanda kuthyoka pakati. Ndipo mawuwo anene chinthu chimene chili pachithunzi chathuchi, osati chimene munthu angalembe pansi pa chithunzi cha gulu lina lililonse.

Lachinayi, 17 Okutobala

Mizere yoyamba inabwera mosavuta m'mawa uno ndili pa njinga, ndipo kusavuta kwakeko ndiko kunandikayikitsa:

Tinakumana, tinadziwana,
Mpaka lero tikukondana.

Poiwerenga ikumveka yosalala, ndipo mzere uliwonse uli ndi maphatikizo 10. Komabe nditaibwereza kangapo ndinaona kuti khutu silikupezamo chodabwitsa chilichonse. Chifukwa chake n'chakuti mawu onse awiri a kumapeto athera ndi msintho umodzi wa mneni, msintho wochitirana uja wa -ana, umene ungaphatikizidwe pafupifupi ku mneni aliyense: kuonana, kuthandizana, kusowana, kuyenderana. Munthu angalembe mizere makumi awiri yotere asanamalize kumwa tiyi, ndipo womva amadziwiratu mathero a mzere wachiwiri asanawafike.

Apa m'pamene pali vuto lalikulu la ntchito imeneyi m'chiyankhulo chathu, ndipo ndikufuna ndililembe bwino kuti ndisaliiwale masiku akubwerawa. M'Chichewa mawu onse amathera ndi lembo la liwu, ndipo malembo a liwu alipo asanu okha: a, e, i, o, u. Pamwamba pa apo, aneni ambiri amathera ndi a. Ndiye ngati kufanana kwa lembo lomaliza lokha kukanakhala kokwanira, kudya ndi kugona akanakhala mawu ogwirizana, ndipo pafupifupi ziganizo zonse zimene timayankhula pamsika zikanakhala ndakatulo. Khutu la Mchewa kapena Mmang'anja silimva kugwirizana kulikonse pamenepo, chifukwa kufanana koteroko kuli ponseponse ngati fumbi.

Kugwirizana kumene khutu limakumva kumayambira pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Tikamamaliza chiganizo, liwu limatsamira ndi kutalika pang'ono pa phatikizo limenelo: timati nsiima, mtiima, kutaali, ngakhale polemba sitibwereza lembolo. Choncho kuti mizere iwiri ithere mofanana, payenera kufanana zinthu zitatu motsatizana, lembo la liwu la phatikizo lotsamirapolo, malembo opanda liwu otsatira, ndi lembo la liwu lomaliza. Nsima ndi mtima zikugwirizana chifukwa zonse zathera ndi -ima. Chigwa ndi kugwa sizikugwirizana, ngakhale pamaso zikuoneka ngati pachibale, chifukwa pamene liwu likutsamira pali i kwina, u kwina. Zimenezi zandikhumudwitsa pang'ono, pakuti ndimafuna kwambiri kuti mawu akuti chigwa akhale kumapeto kwa mzere, koma mawu ena othera ndi -igwa amene angakwane pano sindinawapeze.

Lamulo limene ndadziikira lero ndi lakuti mawu awiri a kumapeto asakhale aneni awiri a msintho umodzi. Amodzi akhale dzina, ena mneni, kapena amodzi onena za malo, ena onena za nthawi, kuti kufanana kwawo kuoneke ngati chinthu chopezedwa, osati chochita kupanga ndi galamala.

Loweruka, 19 Okutobala

Masiku awiriwa ndayesa mapeyala atatu a mawu ogwirizana, ndipo onse ndawaika pambali.

Oyamba anali a nsima ndi mtima:

Tinadyera limodzi nsima,
Tinagawana ndi mtima.

Mizereyi ili ndi maphatikizo 9 uliwonse, ndipo ndi yoona, chifukwa kusukulu kuja tinkadyeradi m'mbale imodzi nsima ya mgaiwa ndi nyemba. Koma pachithunzi palibe nsima, palibe mbale, pali mtsinje. Mawu a pansi pa chithunzi amawerengedwa maso akuyang'ana chithunzicho, ndipo akanena za chinthu chimene sichikuoneka, wowerenga amayamba kuchifunafuna m'malo moyang'ana nkhope za anthu. Komanso mtima ndi nsima ndi mawu amene opeka ambiri amawakumanitsa, moti anaphwa kale.

Achiwiri anali afupi, omveka ngati mwambi:

Mnzako wakale
Ndiye m'bale.

Ndinawakonda tsiku lathunthu. Kenaka ndinawatumiza pa foni kwa mnzathu wa ku Bangula, ndipo poyankha anawalemba mwachangu popanda kachizindikiro kaja ka pakati pa m ndi b, nakhala akuti ndiye mbale. M'bale wobadwa naye ali ndi maphatikizo atatu, chifukwa m woyambayo amatchulidwa payekha, pamene mbale yodyera ili ndi awiri. Ngati munthu wophunzira bwino ngati iyeyo wakasiya kachizindikiroko, wotsuka zithunzi angakasiyenso, ndipo mawu olakwika akalowa mufulemu amakhala pakhoma zaka zambiri. Chinanso n'chakuti mnzako wakale angamveke ngati munthu amene unali naye pa ubwenzi koma munasiyana, zomwe zikutsutsana ndi zimene tikufuna kunena.

Nkhani ya m wotchulidwa payekhayi ndiyofunika powerenga maphatikizo. Mtima ndi m-ti-ma, mpaka ndi m-pa-ka, mlatho ndi m-la-tho, onse atatuatatu, pamene mwezi ndi mphepo ali ndi awiriawiri. Njira imene ndikugwiritsa ntchito ndi yoomba m'manja pang'onopang'ono ndikutchula mzere mokweza. Kuwerenga ndi maso okha kumanamiza.

Achitatu anali a bwenzi ndi mwezi. Awa sagwirizana kwenikweni, chifukwa kwina kuli -enzi, kwina -ezi, ngakhale m'nyimbo kusiyana kotere kumabisika. Koma chimene chandiletsa kwambiri si chimenecho. Pagulu pathu pali amuna ndi akazi, ndipo asanu ali pabanja. Mawu akuti bwenzi ali pafupi kwambiri ndi chibwenzi, ndipo chithunzi chikapachikidwa pabalaza, amene adzachiwerenge ndi apongozi, alamu ndi alendo amene sakudziwa mbiri yathu. Sindikufuna kuti mawu anga akabweretse mafunso m'nyumba ya mnzanga aliyense. Pa chifukwa chomwecho, tikukondana wa m'mizere ya Lachinayi uja sakanayeneranso kulowa mufulemu.

Lamulungu, 20 Okutobala

Titaweruka kutchalitchi ndinapita kukaona aphunzitsi athu a Chichewa amene anapuma ntchito ndipo akukhala kufupi ndi Ngabu. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa bwemba akusoka mphasa yong'ambika, ndipo ndinawawerengera zimene ndinali nazo, kuphatikizapo mizere yatsopano imene ndinapeka usiku:

Tinakulira m'mbali mwa Shire,
Dzuwa la m'chigwa linati tipirire.

Anaika singano pansi n'kundiuza kuti ndibwereze. Nditabwereza anati, “Mwana wanga, mathero ake agwirizana bwino, Shire ndi tipirire, dzina ndi mneni. Koma tawerenga maphatikizo.” Ndinaomba m'manja ndipo ndinapeza 11 mu mzere woyamba, 13 mu wachiwiri. Iwo anati kusiyana kwa phatikizo limodzi khutu limakukhululukira, koma awiri amachititsa kuti wowerenga athamange mu mzere wachiwiri kuti akafike pa nthawi yake, ndipo mawu ogwirizana aja amafika munthu ali wefuwefu.

Anandikumbutsanso chinthu chimene anatiphunzitsa kalekale, chakuti nyimbo zathu za pamtondo, za maliro ndi za magule sizidalira kwenikweni kufanana kwa mathero a mizere. Zimadalira kubwereza mawu, kuyankhana kwa wotsogolera ndi olandira, ndi kugwirizana kwa mawu kumayambiriro kwake, monga timanenera kuti chinthu chathu chabwino chija. Kufananitsa mathero n'kotheka ndipo oimba ambiri a masiku ano amakuchita bwino, koma munthu akakukakamiza amayamba kupotoza dongosolo la mawu m'chiganizo, n'kulemba Chichewa chimene palibe amene amachiyankhula. Anandilangiza kuti ndikapeza mizere, ndiyese kuinena ngati ndikungocheza ndi munthu, ndipo ngati ikumveka yachilendo m'kamwa, ndiisiye ngakhale mathero ake akome bwanji.

Ndisananyamuke anayang'ana kope langa ndipo anaona kuti pena ndinalemba tipirile, pena tipirire. Anandikumbutsa lamulo la kalembedwe lakuti r amabwera pambuyo pa e ndi i, pamene l amabwera pambuyo pa a, o ndi u. Pakamwa anthu ambiri sitisiyanitsa, koma pa mizere iwiri yokha imene ili pamodzi, diso limaona msanga ngati kwina kwathera ndi -ire, kwina ndi -ile.

Mizere ya tipirireyi ndaisiya pa chifukwa china chimene ndinachiona ndili m'njira pobwerera. Pachithunzi tonse tikuseka. Kupirira n'koona pa moyo wa m'chigwa muno, koma tsiku lija sitinakumane kuti tidandaule za dzuwa.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Lero ntchito yasuntha kwambiri, ndipo chiyambi chake chinachokera kwa mnzathu wa ku Nsanje, amene kwawo amayankhula Chisena. Tikucheza pa foni dzulo madzulo ndinamudandaulira za vuto la mawu akuti bwenzi, ndipo iye anati, “Achimwene, bwanji osangonena kuti shamwali, monga timanenera kwathu? Kuno aliyense amawamva mawu amenewo.” Shamwali akuthera ndi -ali, ndipo nditatsegula kope n'kuyamba kulemba mawu a mathero amenewo, ndinadabwa kuchuluka kwake ndiponso kusiyanasiyana kwa mitundu yake: kutali, mbali, nyali, nkhwali, namwali, chemwali, ukali, tinali, tikadali. Muli maina, muli mawu a malo, muli aneni, ndipo palibe amene wadalira msintho.

Njira imeneyi, yoyamba ndi kusonkhanitsa mawu a mathero amodzi musanapeke mzere uliwonse, ndikanaitsata kuyambira tsiku loyamba. Poyamba ndinkalemba mzere woyamba wonse kenaka n'kumasaka mawu oti agwirizane nawo, ndipo zotsatira zake zinali zakuti mzere wachiwiri unkakhala wongokokedwa. Tsopano ndasankha kaye mawu awiri a kumapeto, ndipo ndayamba ndi mzere wachiwiri, umene uyenera kunyamula mfundo.

Zoyamba kutuluka zinali izi:

Ngakhale mupite kutali,
Mudzakhalabe shamwali.

Maphatikizo ndi 9 ndi 8, ndipo mizereyi ndi yochokera pansi pa mtima. Koma ikuyankhula kwa munthu mmodzi, wa ku Karonga uja, pamene chithunzi chidzapachikidwa m'nyumba zisanu ndi ziwiri. Ndaganiza zoti imeneyi ndidzailembe ndi cholembera kuseri kwa chithunzi chake chokha, ndipo tonse tidzasainepo.

Kenaka ndinabwerera ku chithunzi chenichenicho, ndinachikulitsa pa foni n'kuyang'ana madzi amene ali kumbuyo kwathu. Madzi amenewo anatuluka m'nyanja ya Malawi ku Mangochi, anadutsa m'nyanja ya Malombe ndi pa Liwonde, anatsika pa mathithi a Kapichira asanafike pamene tinaima. Pofika lero anadutsa kale pa Chiromo pamene Ruo amathira mu Shire, anadutsa Nsanje, ndipo analowa mu Zambezi ku Mozambique. Madzi amene ali pachithunzi kulibenso m'dziko muno, koma anthu amene ali pachithunziwo tilipo. Pamenepo mizere inabwera yokha:

Madzi a Shire apita kutali,
Ife tikadali pomwe tinali.

Ndawerenga kawiri ndi manja, ndipo uliwonse uli ndi maphatikizo 11. Kutali ndi mawu a malo, tinali ndi mneni, choncho lamulo langa la Lachinayi lasungidwa. Mkati mwa mzere wachiwiri mulinso tikadali, amene akukonzekeretsa khutu lisanafike pa mathero. Ndaitumiza kwa anzanga onse asanu ndi mmodzi ndipo ndawapempha kuti asangoiwerenga ndi maso, koma aliyense aitchule mokweza ndi kunditumizira mawu ake ojambula, kuti ndimve pamene akupumira ndi pamene akupunthwa.

Lachitatu, 23 Okutobala

Mayankho abwera, ndipo andionetsa cholakwika chimene ndekha sindikanachiona.

Anayi anaikonda nthawi yomweyo. Koma mnzathu amene amagula thonje ku Ngabu anaimba foni n'kunena kuti, “Achimwene, mawuwa ndi okoma, koma taganizani munthu wachilendo akuwerenga kuti ife tikadali pomwe tinali. Adzati anthu awa zaka 15 zapita koma sanasunthe, alibe chimene apindula.” Ananena zoona. M'kuyankhula kwa tsiku ndi tsiku, tikati uje akadali pomwe anali, nthawi zambiri timatanthauza kuti zinthu sizikumuyendera. Ine ndinkamva kukhulupirika m'mawuwo chifukwa ndinkadziwa chimene ndinkafuna kunena, koma fulemu ilibe pakamwa poti ifotokozere mlendo.

Vuto lili pa mawu akuti ife. Chimene sichinasunthe si anthufe, pakuti wina ali ku Nsanje, wina ku Bangula, wina akupita ku Karonga, koma chimene chili pakati pathu. Ndinayesa kuika ubale m'malo mwake: Ubale ukadali pomwe unali. Maphatikizo anakwera kufika pa 12. Pofuna kuwabweza pa 11 ndinafupikitsa ukadali kukhala ukali, monga ena amanenera kuti akali moyo, koma polemba zinatuluka kuti ubale ukali, ndipo diso likuwerenga ukali wa kupsa mtima lisanaganize za china chilichonse. Izi zinandikumbutsa kuti m'Chichewa kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasiyanitsa mawu olembedwa mofanana, monga mtengo womera ndi mtengo wa katundu pamsika, ndipo popeza kalembedwe kathu ka masiku onse sikaonetsa kusiyanako, mawu a pansi pa chithunzi ayenera kumveka bwino kwa munthu amene akungowaona osawamva.

Ndinayesa mitima, ndipo pamenepo mzere unakhazikika: Mitima ikadali pomwe inali. Mawu amenewa ali pafupi ndi zimene timanena kuti mtima uli m'malo, ndipo palibe amene angawamve ngati kusatukuka. Mtima ndinaukana Loweruka uli kumapeto kwa mzere moyang'anizana ndi nsima, koma pano uli kumayambiriro, sukunyamula katundu wa kugwirizana kwa mathero, ndipo ukugwira ntchito ina, yoyankha madzi a mu mzere woyamba. Mizere yonse iwiri tsopano ikuyamba ndi m, wina Madzi, wina Mitima, ndipo uku ndi kugwirizana kwa kumayambiriro kumene aphunzitsi ananena.

Mzere wachiwiri uli ndi maphatikizo 12, choncho m'malo moufupikitsa ndatalikitsa woyamba ndi kamawu kamodzi, kukhala Madzi a mu Shire, monga momwe timanenera nsomba za mu Shire. Tsopano yonse ili ndi 12:

Madzi a mu Shire apita kutali,
Mitima ikadali pomwe inali.

Mnzathu wa ku Bangula anafunsa ngati sikungakhale bwino kunena kuti pomwe inalipo, chifukwa ndi mmene iye amanenera. Ndinamuyankha kuti tanthauzo silisintha, koma kugwirizana kumatha. Timawu ta kumapeto monga -po, -ko, -nso ndi -di tikawonjezedwa, liwu limasamuka n'kukatsamira pa phatikizo lotsatira, moti inaali amasanduka inaliipo, ndipo mathero sakhalanso -ali koma -ipo. Anaitchula yekha kawiri pa foni pomwepo ndipo anavomereza.

Panatsala munthu mmodzi amene sanayankhe mpaka madzulo, ndipo ndi amene ndinkamuganizira kwambiri. Kwawo ndi cha ku Makhanga, ndipo nyumba ya makolo ake inapita ndi madzi pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. M'chigwa muno mawu akuti madzi ndi apita akakhala pamodzi sakhala opepuka kwa aliyense, ndipo sindinafune kuti tsiku lililonse akayang'ana pakhoma azikumbutsidwa za usiku umene uja. Ndinamuimbira ndekha n'kumufunsa mosabisa kuti, “Achemwali, ngati mzere woyambawu ukukupwetekani, ndiuzeni, ndili ndi usiku wonse woti ndipeke wina.” Anakhala chete pang'ono, kenaka anati mawuwo akunena kuti madzi ndi amene apita, osati anthu, ndipo iye akuwafuna momwemo. Anangopempha kuti ndisasinthe apita kukhala anapita, chifukwa anapita akumveka ngati nkhani ya tsiku lina lake lodziwika, pamene apita akunena za madzi amene tikuwaona pachithunzipo. Ine ndinasankha apita chifukwa cha maphatikizo, koma chifukwa chake iyeyo n'choposa changa, ndipo ndachilemba pano kuti chisungike.

Lachinayi, 24 Okutobala

Ndapereka mawu kwa wotsuka zithunzi m'mawa uno. Mzere woyamba uli ndi malembo 30 kuwerengera mipata ndi mpatuliro wa kumapeto, wachiwiri 27, ndipo usiku ndinayesa pa mafoni atatu osiyana kukula n'kuona kuti palibe pamene mzere wathyoka. Zimenezi n'zofunika, chifukwa mzere ukathyoka, mawu akuti kutali amagwera pansi okha, sakhalanso pamwamba pa inali, ndipo diso silionanso kuti awiriwa akuyankhana.

Sindinamutumizire mawuwo pa foni yokha. Ndinawalembanso papepala ndi malembo akuluakulu, ndipo ndinakhala pambali pake pamene ankawataipa pa kompyuta. Poyamba anawaika onse mu mzere umodzi wautali kuti asunge malo, ndipo ndinamupempha kuti awagawe pawiri, aike pakati, ndi kusiya kampata koyera pansi pa chithunzi m'malo molemba pamwamba pa madzi, pamene malembo oyera ankasowa m'kunyezimira kwa mtsinje. Pansi pa mizereyo tawonjezera ndi malembo aang'ono kuti Chikwawa, 15 Okutobala 2024. Maina athu sitinaikepo.

Loweruka, 26 Okutobala

Ndakatenga zithunzi zonse zisanu ndi ziwiri ku Nchalo. Zisanu ndi chimodzi zatuluka bwino. Pa chimodzi fulemu yaphimba theka la mzere wa tsiku ndi malo, choncho ndachisiya kuti achikweze pang'ono, ndipo ndikachitenga Lolemba. Chimenecho chikhala changa, kuti ena asadikire. Cha mnzathu wa ku Karonga ndachitulutsa mufulemu n'kulemba kuseri kwake mizere ya shamwali ija. Asainapo kale anthu anayi, ndipo mawa m'mawa ndikwera minibasi ya ku Bangula ndi Nsanje kuti awiri otsalawo akasaine chisanafike Lachitatu, tsiku limene iye akunyamuka.